Chidziwitso cha nyumba ya lendi chizinena zonse, ndipo kuona nyumba kusamalipiridwe

Chidziwitso chotsatsa nyumba ya lendi ndi chimodzi mwa zolemba zazifupi kwambiri zimene anthu okhala m'tauni amawerenga, komabe ndi chimodzinso mwa zimene zimawadyera ndalama zochuluka. Chimapezeka chitakhomedwa pa mitengo ya m'mbali mwa msewu, pa zipupa za magolosale, pa masamba a malonda a nyuzipepala ndi m'mauthenga amene anthu amatumizirana pa foni, ndipo kulikonse kumene chapezeka kalembedwe kake kamakhala kofanana: nyumba ya zipinda ziwiri zogona, balaza, khitchini, matailosi, siling'i, ili mumpanda, madzi ndi magetsi zilipo, lendi ndi yakutiyakuti pa mwezi, kulipira miyezi itatu, kuona nyumba n'kolipira, imbani nambala iyi. Mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre, imene pa kalembera wa 2018 inali ndi anthu pafupifupi 990,000 ndi 800,000, ili ndi mabanja ambiri amene sakhala m'nyumba zawozawo, ndipo nyumba za bungwe la Malawi Housing Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1964, n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi ozifuna. Choncho mphunzitsi, namwino, kalaliki kapena banja longokwatirana kumene amadalira mizere yowerengekayi posankha kumene adzakhale. Mfundo ya ndemanga ino ndi yakuti kuperewera kwa zidziwitso zimenezi sikuchitika mwangozi kapena chifukwa cha ulesi wa olemba, koma kumagwirizana kwambiri ndi ndalama yoonera nyumba, pakuti zimene chidziwitso chabisa ndi zomwezo zimene wofuna nyumba amauzidwa kuti alipire kuti akazione.

Zimene zimatchulidwa m'chidziwitso chotere n'zosavuta kuzizindikira, chifukwa zonse ndi zinthu zooneka bwino pa chithunzi. Matailosi, siling'i, geti lachitsulo ndi penti watsopano zimakopa maso, ndipo palibe amene angatsutse kuti zili ndi phindu lake, popeza siling'i imachepetsa kutentha kwa malata m'mwezi wa Okutobala ndipo mpanda umathandiza pa chitetezo. Koma banja silisamuka m'nyumba pakatha miyezi itatu chifukwa chakuti matailosi anali osakongola. Limasamuka chifukwa madzi amatuluka pakati pa usiku pokha, chifukwa mita ya magetsi ndi imodzi ya nyumba zinayi, chifukwa chimbudzi chikusefukira ndipo mwini nyumba akuti opopa awalipire ndi alendi, kapena chifukwa mvula itayamba msewu wonse unasanduka mtsinje. Zinthu zimene zimapangitsa nyumba kukhala yokhalika kapena yosakhalika ndi zomwezo zimene chidziwitso chimadutsapo ndi mawu awiri, kapena kuzisiyiratu.

Nkhani ya madzi ndi imene ikuonetsa bwino vutoli. Chiganizo chakuti madzi alipo chikhoza kutanthauza zinthu zinayi zosiyana kotheratu. Chikhoza kutanthauza kuti nyumbayo ili ndi mita yakeyake ndipo mipope inalowa m'khitchini ndi m'bafa. Chikhoza kutanthauza mpope umodzi wa pabwalo umene alendi onse a pa pulotipo amatungapo n'kumagawana bilu kumapeto kwa mwezi. Chikhoza kutanthauza chitsime kapena mjigo wa mwini nyumba. Ndipo nthawi zina chimangotanthauza kuti kiyosiki, kumene madzi amagulitsidwa pa ndowa, sili patali. Ngakhale pamene mita ndi ya nyumbayo yokha, kukhalapo kwa mpope sikutsimikizira kuti madzi amatuluka. Mzinda wa Blantyre umalandira gawo lalikulu la madzi ake kuchokera mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, kumene amachita kupopedwa ndi makina oyendera magetsi kukwera mtunda wa mamita mazanamazana asanafike m'matanki a mumzindawo, ndipo zotsatira zake n'zakuti magetsi akavuta kapena paipi ikaphulika, nyumba za m'malo okwera ndi za kumapeto kwa mapaipi ndizo zimayamba kusowa madzi ndiponso ndizo zimamaliza kuwalandira. Nyumba ziwiri zofanana ndendende za ku Bangwe kapena ku Machinjiri, imodzi kumunsi ina kumtunda, zikhoza kukhala ndi moyo wosiyana kwambiri pa nkhani imeneyi, ndipo mwini nyumba amadziwa bwinobwino kuti kwake madzi amatuluka maola ati. Kulemba kuti madzi amatuluka kawirikawiri usiku ndi m'mamawa, ndiponso kuti pali thanki ya malita 1,000 kapena kuti palibe, ndi ntchito ya mzere umodzi, koma mzere umenewu sulembedwa chifukwa ukanachepetsa chiwerengero cha obwera kudzaona.

Pa madzi pomwepo pali nkhani ya ngongole. Pamene mita ndi ya kale, yolipira madzi atagwiritsidwa kale ntchito, ngongole imatsalira pa akaunti ya mita imeneyo, ndipo a madzi akabwera kudzadula safunsa kuti amene anasamba madziwo ndi wokhalamo lero kapena amene anatuluka mwezi watha. Mlendi watsopano amakumana ndi zosankha ziwiri zowawa, kulipira ngongole ya munthu amene sanamuonepo kapena kukhala wopanda madzi uku akukokanakokana ndi landilodi. Mita yolipiriratu, imene mabungwe a madzi akhala akuika m'madera ena, imachepetsa vutoli, ndiye chifukwa chake chidziwitso chiyenera kunena mtundu wa mita imene ilipo, ndipo ngati ili ya kale, bilu yomaliza izionetsedwa pa tsiku loona nyumba.

Magetsi ali ndi msampha wawo wina. Popeza nyumba zambiri za m'tauni tsopano zili ndi mita za ESCOM zogulira mayunitsi, anthu amaganiza kuti nkhani ya ngongole inatha, koma funso lenileni ndi lakuti mita imodziyo ikudyetsa nyumba zingati. Pa mapuloti ambiri a ku Eliya 25, ku Kawale, ku Ndirande kapena ku Chilomoni, mwini malo anayamba ndi nyumba imodzi, kenako anamanga zina kuseri n'kukoka waya kuchokera pa mita yomweyo, ndipo alendi amasonkha ndalama mofanana ngakhale kuti wina amaphika nyemba pa mbaula ya magetsi pamene mnzake ali ndi mababu atatu ndi wailesi. Giza, chimene ndi thanki yotenthetsera madzi osamba, chimatchulidwa m'chidziwitso ngati chokometsera, koma kutenthetsa malita 150 a madzi kuchokera pa madigiri 20 kufika pa 60 kumadya mayunitsi pafupifupi 7, ndipo ngati mita ndi yogawana ndiye kuti mayunitsi amenewa akulipiridwa ndi pulotiyo yonse, kuphatikizapo amene amasamba madzi ozizira. Mikangano yambiri ya pakati pa alendi imayambira pamenepa, ndipo ikanapeweka chidziwitso chikadangonena kuti mita ndi ya nyumba imodzi kapena ndi ya nyumba zingapo.

Ngakhale zipinda ziwiri zimene zili mutu wa chidziwitso chonse sizifotokozedwa mokwanira. Bedi la anthu awiri limakhala pafupifupi mamita 1.4 m'lifupi ndi mamita 1.9 m'litali, choncho chipinda cha mamita 3 mbali zonse chimalandira bedilo, kabati ya zovala ndi kanjira kodutsa, pamene chipinda cha mamita 2 ndi 2.5 chimalandira bedi lokha, chitseko n'kumagunda matiresi. Kawirikawiri chipinda chachiwiri chimakhala sitolo imene inaboolodwa windo, kapena balaza limene linadulidwa pakati ndi khoma la mapulanga, ndipo banja la ana atatu limazindikira zimenezi litalipira kale ndalama yoonera ndi ya minibasi. Tepi yoyezera imapezeka kwa mmisiri aliyense wa matabwa, ndipo palibe chifukwa chomveka chimene mwini nyumba angalepherere kulemba muyeso wa zipinda zake.

Zonsezi zikanakhala zolakwa wamba za kalembedwe zikanakhala kuti kuona nyumba n'kwaulere, chifukwa munthu akanangotaya nthawi ndi ndalama ya ulendo. Koma m'mizinda ya dziko lino mwazika mwambo wakuti ejenti, amene ndi mkhalapakati wa mwini nyumba ndi wofuna nyumba, amalipiritsa ndalama munthu asanaonetsedwe khomo, ndipo ndalamayo sibwezedwa kaya nyumbayo yakondedwa kapena ayi, kaya ikufanana ndi chidziwitso kapena ayi. Wogulitsa kaunjika pa msika wa Limbe salipiritsa munthu chifukwa chotambasula malaya kuti aone ngati ali ong'ambika, chifukwa amadziwa kuti phindu lake lili pa kugulitsa, koma pa nyumba, pamene ndalama zake n'zochuluka maulendo mazana, kuyang'ana kokha kwasanduka malonda.

Kuipa kwa mwambowu kumaoneka bwino masamu ake akawerengedwa, ndipo manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti nkhani imveke, osati mitengo ya nyumba inayake. Nyumba ya zipinda ziwiri ku Eliya 25 yatsatsidwa pa K250,000 pa mwezi, kulipira miyezi itatu, ndalama yoonera K10,000. Wofuna nyumbayo akawerenga amakonza K750,000 ya miyezi itatuyo. Atafika ndi kuikonda amauzidwa kuti pali dipoziti, ndiye kuti ndalama ya chikole imene mwini nyumba amasunga kuti adzakonzere zowonongeka, yofanana ndi lendi ya mwezi umodzi, K250,000. Kenako ejenti amatchula komishoni yake, imene m'chitsanzo chino ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama ya miyezi itatu, K75,000. Ngati munthuyo anaona nyumba zisanu asanapeze imeneyi, ndalama yoonera yokha yamudyera K50,000. Zonse pamodzi ndi K1,125,000, kusawerengera galimoto yonyamula katundu ndi maulendo a minibasi ndi kabaza, kutanthauza kuti nambala ya lendi imene inalembedwa moonekera m'chidziwitso iyenera kuchulukitsidwa kanayi ndi theka kuti munthu alandire makiyi. Dipoziti ndi komishoni zinali zodziwika kwa wolemba chidziwitso kuyambira pachiyambi, ndipo anasankha kusazitchula mpaka pamene mnzake anali atamangika kale mtima ndi nyumbayo, mwinanso atapereka kale notisi kumene akukhala.

Masamu omwewa akawerengedwa kuchokera kumbali ya ejenti, nkhani imafika pa gwero lake. Nyumbayo ikatengedwa ndi munthu woyamba kuiona, ejenti amapeza K85,000, komishoni ndi ndalama yoonera ya munthu mmodzi. Koma anthu 8 okha akaiona n'kuikana, ejenti wapeza kale K80,000, yoposa komishoni yonse, nyumba ikadali m'manja mwake. Ndipo anthu 20 akaiona, wapeza K200,000 popanda kupezera aliyense pokhala. Zikatere nyumba yokhala ndi chilema chobisika, monga ya madzi osatuluka kapena ya chipinda chopapatiza, imapindulitsa ejenti kuposa nyumba yabwino, chifukwa yabwinoyo imatengedwa tsiku lomwelo pamene yachilemayo imapitiriza kukopa anthu ndi kuwabweza. Chidziwitso chonena zoona chikanachotsa anthu 19 mwa 20 aja asananyamuke kwawo, ndipo n'chifukwa chake munthu amene amadya ndalama yoonera alibe chomukakamiza kulemba zoona. Sikuti ejenti aliyense amachita zimenezi mwadala, pakuti alipo ambiri amene amagwira ntchito yawo mokhulupirika, koma dongosolo limene limalipira munthu mochuluka akalephera ntchito kuposa akaikwanitsa ndi dongosolo loipa, ndipo limakopa anthu oipa.

Mwini nyumba, amene nthawi zambiri amaona ngati nkhaniyi siyikumukhudza popeza ndalama yoonera sichokera m'thumba mwake, ndi amene amataya kwambiri. Mwezi uliwonse umene nyumba ya m'chitsanzo chija yakhala yopanda munthu, iye wataya K250,000 imene sidzabwereranso, ndipo nyumba yopanda munthu imakopa akuba mawaya, mipope ndi maloko. Ejenti amene sathamangira kuti nyumba itengedwe akugwira ntchito yotsutsana ndi zofuna za amene anamutuma.

Pamwamba pa izi pali umbava weniweni umene mwambowu wautsegulira khomo. Popeza anthu anazolowera kulipira asanaone, n'kosavuta kwa wakuba kutenga zithunzi za nyumba ya eni ake, kulemba mtengo wotsika mokopa, n'kuuza oimba foni kuti atumize ndalama yoonera kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kuti awasungire malo, ndipo ndalama ikangolowa foni imazimitsidwa. Ena amafika poonetsa nyumba imene makiyi ake anabwereka kwa mlonda, n'kulandira lendi ya miyezi itatu kwa anthu awiri kapena atatu osiyana, amene amadzakumana pa geti tsiku losamuka aliyense ali ndi lole ya katundu. Kulandira ndalama mwa njira yonama ndi mlandu pansi pa malamulo a dziko lino, koma wobedwa K10,000 kawirikawiri sapita ku polisi chifukwa ulendo ndi nthawi zimaposa ndalama imene wataya, ndipo akubawo amadalira zimenezi. Zizindikiro zake n'zodziwika: mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi nyumba zina za dera lomwelo, kukana kutchula malo enieni, kukakamiza kuti ndalama itumizidwe msanga chifukwa ena akuifunanso, ndiponso dzina lotuluka pa foni potumiza ndalama losiyana ndi dzina limene munthuyo anatchula.

Ma ejenti ali ndi yankho lawo, ndipo liyenera kumvedwa mwachilungamo. Amati amayenda mitunda italiitali kufufuza nyumba, amagula mayunitsi a foni, amakwera kabaza kukakumana ndi anthu amene ena mwa iwo alibe ndalama ya lendi koma akungofuna kuona, ndipo ena akaonetsedwa nyumba amabwerera madzulo kukagwirizana ndi mwini wake mwamseri kuti athawe komishoni. Amatinso kulemba malo enieni a nyumba yopanda munthu n'kuitanira akuba. Madandaulo amenewa ndi enieni, ndipo ambiri mwa ochita ntchitoyi ndi achinyamata amene asowa ntchito ina. Koma palibe dandaulo limodzi mwa amenewa limene mankhwala ake ndi kulipiritsa wofuna nyumba. Amene watuma ejenti ndi mwini nyumba, ndipo ndi iye woyenera kumulipira nyumba ikatengedwa, pa mgwirizano wolembedwa umene ukunena kuti komishoni idzaperekedwa ngakhale mlendi atadutsa mwamseri. Vuto la anthu ongoyendayenda limachepa kwambiri chidziwitso chikanena ndalama zonse zolowera, chifukwa amene alibe K1,075,000 sangadzivute kuimba foni. Vuto la maulendo ambirimbiri limatha pokhazikitsa nthawi imodzi yoonera, mwachitsanzo Loweruka kuyambira 8 koloko mpaka 11 koloko m'mawa ndi Lachitatu madzulo, kuti onse ofuna abwere pa ulendo umodzi wa ejenti. Ndipo nkhawa ya akuba imathetsedwa potchula dera, sekita ndi chizindikiro chodziwika monga sukulu, tchalitchi kapena siteji ya minibasi, pamodzi ndi mphindi zoyenda pansi kuchokera pamenepo, nambala ya puloti n'kuperekedwa kwa okhawo amene apangana tsiku ndipo aonetsa chiphaso cha unzika. Chiphasocho chiyenera kuonetsedwa ndi onse awiri, ejenti ndi woona nyumba, popeza mayi kapena mtsikana amene akupita yekha kukalowa m'nyumba yopanda anthu ndi mwamuna wosamudziwa ali pa chiopsezo chachikulu kuposa cha mipope ndi maloko, ndipo chidziwitso chabwino chimanena poyera kuti woona nyumba ali ndi ufulu wobwera ndi mnzake.

Nthawi yoonera nyumba si nkhani ya mwambo chabe, chifukwa nyumba imaonetsa zilema zake pa maola ndi nyengo zina zokha. Mpope wotsegulidwa masana, pamene anthu ambiri ali ku ntchito, ukhoza kutulutsa madzi mwamphamvu, pamene mpope womwewo pakati pa 6 ndi 7 koloko m'mawa, dera lonse likusamba, umangodontha. Woona nyumba ayenera kuloledwa kutsegula mipope yonse, kugujumula chimbudzi ndi kuyembekeza kuti aone ngati thanki yake ikudzazanso, kenako kutseka mipope yonse ndi kuyang'ana mita, pakuti mita yozungulira mipope ili yotseka imasonyeza kuti paipi ikudontha penapake kapena kuti nyumba ina ikumwa pa mita yomweyo. Kuyesa komweku kumagwiranso pa magetsi, chifukwa zonse za m'nyumba zikazimitsidwa koma kanyali ka pa mita n'kumaphethirabe mofulumira, ndiye kuti waya wina wapita kwa oyandikana nawo. Madontho achikasu kapena akuda pa siling'i amanena za denga lodontha ngakhale m'mwezi wa Ogasiti, ndipo penti wofufuma kapena wosendeka m'munsi mwa khoma, pamodzi ndi fungo la nkhungu m'makona ndi m'makabati, amanena za chinyezi chokwera kuchokera pansi, chimene penti watsopano amachibisa kwa miyezi yowerengeka yokha. Kuseri kwa nyumba kuli dzenje la zonyansa za m'chimbudzi cha madzi ndi dzenje lina lomwetsa madzi otuluka m'menemo, ndipo udzu wobiriwira kwambiri kapena nthaka yonyowa pamenepo m'chilimwe ndi chizindikiro chakuti ladzaza kapena nthaka yaleka kumwa. Zonsezi zimafuna theka la ola ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo ejenti amene amafulumizitsa munthu kuti atuluke pakatha mphindi zisanu, kapena amene amangopezeka dzuwa litalowa, akumulanda chinthu chomwecho chimene wamulipiritsa.

Malo amene nyumba yamangidwa ndi nkhani yoposa ndalama. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, ndipo anthu ambiri a ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo anafera m'nyumba zimene zinamangidwa m'mbali mwa phiri ndi m'njira za madzi. Ku Lilongwe, mtsinje wa Lingadzi unasefukira mu 2017 n'kuwononga nyumba ku Mtandire ndi kwina. Mlendi wochokera ku Mzuzu kapena ku Zomba amene wasamutsidwa pa ntchito, ndipo akuona nyumba mu Seputembala fumbi lili koboo, sangadziwe kuti khwawa louma la kuseri kwa mpanda limadzaza mpaka pa mawindo, koma mwini nyumba amadziwa, oyandikana nawo amadziwa, ndipo ejenti wa m'deralo amadziwanso. Kubisa zimenezi kwa banja la ana aang'ono si luso la malonda, ndi kuika moyo wa anthu pa ngozi chifukwa cha lendi. Chifukwa chake woona nyumba asamaletsedwe kuyankhula ndi oyandikana nawo kapena ndi mlendi amene akutuluka, ndipo ngati mlendiyo adakali m'nyumbamo, iyenso ayenera kuuzidwiratu tsiku ndi nthawi, osati kungoona anthu achilendo akusuzumira kuchipinda kwake chifukwa chakuti landilodi ali ndi kiyi yachiwiri.

Chidziwitso choona cha nyumba ya m'chitsanzo chija sichikanakhala chachitali kwambiri kuposa chimene chimalembedwa lero. Chikananena kuti nyumbayo ili ku Eliya 25, mphindi khumi kuyenda pansi kuchokera pa siteji, pa msewu wa fumbi umene galimoto yaing'ono imadutsa ngakhale m'dzinja. Kuti zipinda zogona ndi za mamita 3 ndi 3.5 komanso 3 ndi 3. Kuti bafa ndi chimbudzi cha madzi zili mkati. Kuti pa pulotipo pali nyumba zitatu ndipo mwini wake amakhala pomwepo kapena sakhala pomwepo. Kuti mita ya magetsi ndi ya nyumbayo yokha pamene ya madzi ndi yogawana ndipo bilu imagawidwa motani. Kuti lendi ndi K250,000, yolipira miyezi itatu poyamba kenako mwezi ndi mwezi, dipoziti ndi K250,000 yobwezedwa potuluka, ndipo zonse zolowera ndi K1,000,000 popanda china chowonjezera. Kuti mtengowo sudzasintha kwa miyezi 12. Kuti wolemba chidziwitso ndi mwini nyumba kapena ndi ejenti wotumidwa ndi iye. Ndiponso kuti kuona n'kwaulere pa masiku akutiakuti. Mzere wa miyezi 12 uja ndi wofunika kwambiri m'dziko limene ndalama yake inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chifukwa mlendi amene walowa pa mtengo wina n'kuuzidwa wina miyezi itatu yoyambirira ikangotha amakhala atakodwa, popeza kusamukanso kumafuna ndalama zolowera zina zonse. Ngati mwini nyumba ali ndi malamulo ake okhudza ziweto, chiwerengero cha okhalamo kapena nthawi yotseka geti, awalembenso momwemo, kuti asadzatulukire munthu atalipira kale.

Amene angasinthe mwambowu mwamsanga ndi eni nyumba, chifukwa palibe ejenti amene angaonetse nyumba popanda makiyi awo, ndipo mwini nyumba amene wanena kuti pa nyumba yake pasalipiritsidwe ndalama yoonera wachotsa vuto lonse pa khomo pake. Nyuzipepala ndi mawailesi amene amalandira ndalama za zidziwitso zimenezi ali ndi mphamvu yokana chidziwitso chosatchula ndalama zonse zolowera ndi udindo wa wochilemba, monga momwe amakanira malonda ena okayikitsa. Malamulo a dziko lino amaletsa kale malonda osocheretsa ogula, ndipo bungwe la CFTC, limene limaona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limalandira madandaulo otere. Chidziwitso chonena kuti madzi alipo pamene mpope unauma kalekale, chimene munthu walipira ndalama chifukwa chochikhulupirira, n'chosocheretsa mofanana ndi sikelo yobera pa msika wa chimanga. Malamulo amafunanso kuti ogwira ntchito yogulitsa ndi kubwereketsa nyumba za ena akhale olembetsedwa, koma ambiri mwa amene amaima m'masiteji ndi kulemba manambala awo pa mitengo sali m'kaundula aliyense, ndipo makhonsolo a mizinda, amene amapereka ziphaso kwa ogulitsa zinthu zazing'ono kwambiri, akhoza kuyamba ndi kuwalemba mayina ndi kuwapatsa nambala yoti izioneka pa chidziwitso chilichonse.

Kufikira zimenezi zitachitika, wofuna nyumba amene wakakamizika kulipira ndalama yoonera ayenera kuipereka ali pa geti la nyumbayo, osati pa foni ali kwawo, ndipo ayenera kufunsa mafunso a madzi, mita, muyeso wa zipinda ndi ndalama zonse zolowera kudzera mu uthenga wolembedwa asananyamuke, kuti mayankho ake akhale umboni woitanitsira ndalama yake ngati nyumbayo yapezeka yosiyana. Lendi ndi dipoziti ziperekedwe kwa mwini nyumba mwiniwake, dzina lake litafananitsidwa ndi limene lili pa bilu ya madzi kapena pa lisiti ya mayunitsi a magetsi, ndipo ngati mayinawo akusiyana afotokoze chifukwa chake ndalama isanatuluke. Pa tsiku lolandira makiyi, onse awiri alembe manambala a pa mita zonse ziwiri, ajambule zilema zimene zilipo kale monga magalasi osweka ndi matailosi ong'aluka, ndipo asayine pepala limodzi lotchula lendi, dipoziti, nthawi ya notisi ndi amene adzalipire kupopa dzenje la chimbudzi, aliyense n'kusunga kope yake.